Chithunzi chimodzi, minda iwiri: mmene amafufuzira zithunzi zogwiritsidwa ntchito kawiri popempha thandizo la ulimi

Madzi akasefukira, matalala akagwa kapena matenda akalowa m'khola, mabungwe obwereketsa ndalama, a inshuwaransi ndi opereka thandizo amalandira madandaulo ochuluka nthawi imodzi. Alangizi ndi ochepa, misewu nthawi zina imakhala itaduka, ndipo munda umene wawonongeka lero sumaoneka chimodzimodzi pakatha milungu itatu. N'chifukwa chake ambiri amauza mlimi kuti ajambule zimene zawonongeka n'kutumiza chithunzi. Koma chithunzi sichili ngati thumba la mbewu loti ukapatsa mnzako iwe watsala opanda. Chimatha kukhala m'mafoni makumi asanu tsiku limodzi, ndipo aliyense angathe kunena kuti munda umene ukuonekawo ndi wake. Chingathenso kukhala cha chaka chatha.

Tiyeni titsate chitsanzo chongoyerekeza. Ofesi ina yalandira zithunzi 4,000 pambuyo pa kusefukira kwa madzi. Pakati pa zithunzizo pali ziwiri, china cha pempho nambala 212, china cha pempho nambala 587. Zonse zikuonetsa chimanga chitagona m'matope, mtengo umodzi kumanzere ndi kaphiri chapatali. Munthu amene anaona chithunzi choyamba Lolemba sangachikumbukire akaona chachiwiri Lachinayi, makamaka ngati wadutsa kale pa minda ina mazana yooneka chimodzimodzi. Kuti chithunzi chilichonse achiyerekeze ndi chinzake chilichonse, pangafunike kuyerekeza ka 7,998,000. Ntchito imeneyi ndi ya kompyuta, ndipo kompyutayo imaigwira m'njira ziwiri zosiyana kwambiri.

Njira yoyamba ndi yofufuza ngati mafayilo awiri ali ofanana ndendende. Fayilo iliyonse amaiwerengera chidindo, chomwe ndi mndandanda wa manambala ndi zilembo wochokera ku zonse za m'kati mwake. Chidindo chodziwika kwambiri ndi SHA-256, chomwe chimakhala ndi zilembo ndi manambala 64. Pa kompyuta, zidindo za zithunzi ziwirizi amaziwerengera motere:

```
sha256sum chithunzi212.jpg chithunzi587.jpg
```

Zidindo ziwirizo zikafanana, ndiye kuti fayiloyo ndi imodzi, palibenso zokambirana. Vuto n'lakuti kanthu kakang'ono kakasintha m'fayilo, chidindo chonse chimasinthiratu. Chithunzi chikatumizidwa pa WhatsApp mwa njira yamasiku onse chimachepetsedwa kuti chisadye bandulo yambiri, ndiye ngakhale maso akuona chomwechija, fayiloyo yasanduka ina. M'chitsanzo chathu zidindo za 212 ndi 587 sizikufanana ngakhale pang'ono. Ofesi yodalira njira iyi yokha imangogwira anthu amene anatumiza fayilo osaikhudza, ena onse amadutsa.

Njira yachiwiri ndiyo imagwira ntchito yeniyeni, chifukwa imayang'ana maonekedwe a chithunzi osati fayilo. Imodzi mwa njira zosavuta zamtunduwu imatchedwa dHash, ndipo n'kofunika kuimvetsa bwino chifukwa mphamvu zake ndi zofooka zake zonse zimachokera mmene imapangidwira. Kompyuta imachotsa mitundu yonse kuti chithunzi chitsale chakuda ndi choyera, kenaka imachichepetsa mpaka chitakhala timabokosi 9 m'litali ndi 8 m'lifupi. Kabokosi kalikonse kamakhala ndi nambala yosonyeza kuwala kwake, kuyambira 0, womwe ndi mdima bii, mpaka 255, komwe ndi kuyera mbuu. Ikatero imayenda mzere uliwonse ikufunsa funso limodzi lokha: kodi kabokosi aka n'kowala kuposa koyandikana nako kumanja? Ngati inde imalemba 1, ngati ayi imalemba 0. Tiyerekeze mzere umodzi uli motere:

```
200 198 190 120 118 130 90 95 60
 1   1   1   1   0   1   0  1
```

Timabokosi 9 timapereka mayankho 8, ndipo mizere 8 imapereka mayankho 64. Mayankho 64 amenewa ndiwo chidindo cha maonekedwe. Tsono taonani ubwino wake. Munthu akawalitsa chithunzi chonse, 200 akhala 220 ndipo 198 akhala 218, koma woyambayo akuposabe wachiwiri, yankho silinasinthe. Akachichepetsa kapena kuchidutsitsa pa WhatsApp kasanu, timizere ta masamba tidzafufutika, koma poti kompyuta inali itataya kale tinthu ting'onoting'ono totere, mayankho ambiri amakhalabe omwe aja.

Poyerekeza zithunzi ziwiri, amangowerenga malo amene mayankho asiyana. Zithunzi zosagwirizana n'komwe zimasiyana pafupifupi theka, malo 32 kapena chapafupi pamenepo, monga zimakhalira mukamaponya ndalama m'mwamba. Chithunzi chimodzi chimene changochepetsedwa chimasiyana ndi chiyambi chake malo ochepa kwambiri. Ambiri amayamba ndi kunena kuti kusiyana kosapitirira 5 ndi chithunzi chimodzi, ndipo kuyambira 6 mpaka 10 ndi zoti munthu aone ndi maso. Malire amenewa si lamulo. Ofesi iliyonse iyenera kuwayesa pa zithunzi zake zomwe, potenga zina zimene ikudziwa kuti n'zobwereza ndi zina zimene ikudziwa kuti n'zosiyana, n'kuona pamene mzere ukuyenera kudutsa. Pa chitsanzo chathu, 212 ndi 587 zasiyana malo atatu okha. Ndi chithunzi chimodzi.

Njira imeneyi imalakwa mbali ziwiri, ndipo pa zithunzi za ulimi imalakwa kuposa pa zithunzi za anthu kapena nyumba. Munda womizidwa ndi madzi nthawi zambiri umatuluka motere: theka lapamwamba ndi mitambo, theka lapansi ndi madzi amatope. Mukachepetsa chithunzi chotere mpaka timabokosi 72, palibe chotsala chosiyanitsa munda wina ndi unzake, ndiye minda iwiri yotalikirana makilomita ambiri ingatulutse zidindo zoyandikana. Chimodzimodzinso zithunzi zojambulidwa pafupi kwambiri ndi masamba odyedwa ndi mbozi, kapena zojambulidwa kukuda. Apa mlimi wosalakwa amakayikiridwa. Mbali inayo, munthu amene wadula chithunzi kuchotsa gawo lalikulu m'mbali, kapena wachitembenuza kuti mtengo wakumanzere ukhale kumanja, amasokoneza timabokosi tonse ndipo chidindo chimapita kutali. Pothana ndi zimenezi, chithunzi chilichonse amachiwerengera zidindo zingapo: cha chithunzi mmene chilili, cha chithunzi chotembenuzidwa, ndi cha gawo lapakati lokha. Pa zithunzi zimene zakayikitsa amagwiritsanso njira zolemera, monga SIFT kapena ORB, zimene zimafufuza timalo mazana todziwika pa chithunzi, monga mphanda ya nthambi kapena ngodya ya mwala, n'kuona ngati timaloto tikupezeka pa chithunzi chinacho titayalana mofanana. Njira zimenezi zimagwira ngakhale chithunzi chodulidwa, koma zimadya nthawi, n'chifukwa chake zimabwera pambuyo.

Chinthu chimodzi chimene maofesi ambiri amaiwala ndi nkhokwe yoyerekezera. Kuyerekeza zithunzi za mwezi uno zokhazokha sikugwira munthu amene watumiza chithunzi cha chigumula cha zaka ziwiri zapitazo. Zidindo za zithunzi zakale ziyenera kusungidwa, ndipo n'zopepuka: chidindo cha mayankho 64 chimatenga mabaiti 8 okha. Chithunzi chotengedwa pa intaneti, mwina m'nkhani ya dziko lina, sichingapezeke m'nkhokwe ya ofesi n'komwe. Chotere amachifufuza ndi Google Lens kapena TinEye, ndipo chimayamba kukayikitsa chikakhala chokongola kwambiri, chojambulidwa mwaluso ngati cha m'nyuzipepala.

Tsopano tabwera pamene pagona nkhani. Kompyuta yatiuza kuti 212 ndi 587 ndi chithunzi chimodzi. Sinatiuze kuti munda ndi wa yani, ndiponso sinatiuze kuti pali amene wanama.

Choyamba kuyang'ana ndi zolembedwa zobisika m'fayilo, zotchedwa EXIF. Foni ikamajambula imalembamo tsiku ndi nthawi, mtundu wa foni, ndipo ngati GPS inali yotsegula komanso kamera inaloledwa kuigwiritsa ntchito, imalembamonso malo. Pulogalamu yaulere ya ExifTool imaonetsa zimenezi:

```
exiftool -DateTimeOriginal -Model -GPSPosition -ImageSize chithunzi212.jpg
```

Tinene kuti chithunzi 212 chatuluka ndi zonse: chinajambulidwa patatha masiku awiri madzi atasefukira, kukula kwake ndi 4000x3000, ndipo malo alipo. Chithunzi 587 ndi cha 1600x1200, chopanda tsiku, chopanda malo, chopanda dzina la foni. Wofufuza wopupuluma anganene kuti mwini 587 wafufuta umboni. Kumeneko n'kulakwa. WhatsApp imachotsa zolembedwazi yokha chithunzi chikatumizidwa mwa njira yamasiku onse, ndipo zimatsala pokhapokha ngati chatumizidwa ngati chikalata, posankha Document. Alimi ochuluka oona mtima amatumiza zithunzi zopanda EXIF chifukwa palibe anawauza za kusiyana kumeneku. Chimene tingatsimikize n'chakuti 212 ili pafupi ndi foni imene inajambula, chifukwa chithunzi chachikulu chingabale chaching'ono koma chaching'ono sichingabale chachikulu chooneka bwino.

Ngakhale EXIF ikhalepo, si Malemba Oyera. Pulogalamu yomweyo imene imawerenga tsiku ingathenso kulemba tsiku lina, ndipo munthu angabweze wotchi ya foni asanajambule. Palinso mafoni ambiri amene wotchi yake ndi yolakwika popanda cholinga chilichonse choipa. Choncho EXIF ikagwirizana ndi zimene mlimi wanena, imawonjezera chikhulupiriro pang'ono. Ikatsutsana nazo, imapereka funso loti afunsidwe.

Malo nawo amafuna kuwerenga mosamala. GPS ya foni pabwalo poyera imaphonya ndi mamita ochepa, asanu kapena khumi, koma pansi pa mitengo, kapena ngati munthu wajambula atangotsegula kamera foni isanapeze bwino malo, ingaphonye ndi mamita mazana, mwinanso kulemba malo amene inali kale. Polowera kumpoto kapena kumwera, digiri imodzi ndi makilomita pafupifupi 111, ndiye 0.001 ya digiri ndi mamita 111. Tiyerekeze kuti malo a m'chithunzi 212 asiyana ndi munda umene mwini 212 analembetsa ndi 0.0003 ya digiri, omwe ndi mamita 33. Pamenepo palibe vuto, mwina anaima m'malire mwa munda pothawa matope. Koma tiyerekezenso kuti munda wa mwini 587 uli mamita 60 okha kuchokera pamalo omwewo. Ndiye kuti awiriwa ndi oyandikana minda, ndipo madzi amene anamiza munda wina ayenera kuti anamizanso winawo.

Apa mpamene munthu ayenera kuimba foni kapena kupita. Pali zifukwa zingapo zosalakwa zimene zimabweretsa chithunzi chimodzi pa mapempho awiri, ndipo zimachitika kawirikawiri kuposa mmene anthu a m'maofesi amaganizira. Si mlimi aliyense ali ndi foni yojambula, ndiye mlangizi kapena wachinyamata mmodzi amajambula minda makumi awiri tsiku limodzi, madzulo n'kusokoneza kuti chithunzi chiti ndi cha yani. Mlimi wina amene munda wake wamiradi, koma sakutha kufikako chifukwa cha madzi, amapempha mnzake kuti amutumizire chake, poganiza kuti chofunika n'kuonetsa kuti kuderako kwasefukira. Wachita zosayenera, inde, koma mbewu zake zawonongekadi. Palinso mlimi mmodzi amene watumiza chithunzi chimodzi kwa amene anam'kongoza ndalama, popempha kuti amuwonjezere nthawi yobweza, ndi kwa opereka thandizo la chakudya. Tsoka ndi limodzi, mapempho ndi awiri osiyana, ndipo palibe chinyengo pokhapokha ngati malamulo a thandizolo akuletsa kulandira mbali ziwiri. Kukaniza mapempho onse awiri chifukwa kompyuta yaonetsa nambala 3 ndi nkhanza kwa munthu amene watsala opanda chokolola, ndipo ofesi imene imatero imalanga kwambiri osauka, amene amabwereka mafoni.

Chinyengo chenicheni chimakhala ndi maonekedwe ena. Chithunzi chimodzi chimapezeka pa mapempho asanu ndi atatu a minda yotalikirana, onse odutsa m'manja mwa wothandizira mmodzi, ndipo pena chadulidwa, pena chatembenuzidwa, pena chawalitsidwa. Kusokoneza mwangozi sikutembenuza chithunzi. Wofufuza waluso akapeza zithunzi zofanana safulumira kufunsa za mlimi, amayamba waona kuti mapemphowo analowetsa ndani, pa foni iti, ndipo ndalama zikupita ku nambala ziti.

Zimene zikuoneka m'chithunzimo nazo zimalankhula, ndipo apa mlangizi wa mbewu amaposa katswiri wa kompyuta. Chimanga chambiri chimatulutsa ngayaye patatha pafupifupi miyezi iwiri chidzalidwe. Ngati pempho likunena kuti munda unadzalidwa milungu itatu madzi asanabwere koma m'chithunzi muli chimanga cha ngayaye ndi ndevu, chithunzicho ndi cha munda wina kapena nyengo ina. Kuwonongeka kwake kuyeneranso kugwirizana ndi chimene chanenedwa. Matalala amang'amba masamba kukhala nsanzansanza, ng'amba imapinda masamba n'kuwaumitsa, madzi othamanga amagonetsa mbewu zonse mbali imodzi n'kusiya matope ndi zinyalala pa mapesi, pamene mbozi zimaboola masamba n'kusiya ndowe zake zonga utuchi m'kati mwa nsonga. Mitengo ndi udzu wa m'mbali zimasonyeza nyengo: udzu wouma ndi mitengo yoyoyoka masamba sizigwirizana ndi pakati pa dzinja. Chithunzi chojambulidwa kuchokera pa galasi la foni ina, chomwe chimatuluka ndi EXIF yatsopano ya lero ndi malo olondola, chimadziwika ndi timizere tamafunde pa chithunzi, kunyezimira kwa galasi, kapena m'mphepete mwakuda.

Pa ziweto vuto ndi lina, ndipo zidindo zonse tafotokozazi sizithandiza kwenikweni. Ng'ombe imodzi yakufa ingajambulidwe ndi anthu atatu, wina kumutu, wina kumbuyo, wina ataikokera pamalo ena. Zithunzi zitatuzo ndi zatsopano, zonse zili ndi tsiku la lero ndi malo enieni. Chimene chabwerezedwa si chithunzi koma ng'ombeyo. Choteteza apa ndi kuzindikira nyama yeniyeniyo. N'chifukwa chake a inshuwaransi ya ziweto amaika chizindikiro cha nambala pakhutu polembetsa, ndipo nyama ikafa amafuna chithunzi cha thupi lonse, cha mutu pamene nambala ikuwerengeka chizindikirocho chili chilumikizire kukhutu, ndiponso nthawi zambiri amafuna chizindikirocho chibwezedwe kuti chisadzagwirenso ntchito. Chizindikiro chapulasitiki chimatha kuthothoka kutchire, chimathanso kudulidwa n'kuikidwa pa nyama ina. Chikasunthidwa chotere chimasiya umboni: bowo latsopano lopanda chipsera, kapena chotsekera chophwanyika. Pali zizindikiro zina zokhala ndi kachipangizo kowerengedwa ndi makina, zotsatira muyezo wa ISO 11784 ndi 11785, zimene zimasunga nambala ya manambala 15, ndipo zina zimabayidwa pansi pa khungu kuti zisachotsedwe mosavuta.

Nyamayo ilinso ndi zizindikiro zake zobadwa nazo. Mawanga, kapindikidwe ka nyanga, chipsera ndi kang'ambidwe ka khutu zonse zingayerekezedwe ndi chithunzi cha tsiku lolembetsa. Timizere ndi timatuza ta pakhungu la pamphuno pa ng'ombe ndi tosiyana pa ng'ombe iliyonse, ngati zidindo za zala za munthu, koma chithunzi chake chimafuna kujambulidwa pafupi, mphuno itapukutidwa, pamalo owala, ndipo nyama ikafa chiyenera kutengedwa msanga thupi lisanayambe kutupa ndi kuwonongeka. Apa pali chenjezo limene wopempha zithunzi sayenera kulisiya: nyama imene yafa mwadzidzidzi, ikutuluka magazi akuda osaundana m'mphuno, m'kamwa kapena kumbuyo, isagwidwe, isakokedwe kapena kutumbulidwa pofuna chithunzi chabwino. Matenda ochititsa zimenezi amagwiranso anthu. Ijambulidwe chapatali ndipo aitanidwe dokotala wa ziweto.

Mwaona kuti pa ziweto zonse zikudalira chithunzi cha nyama ili moyo. Pa mbewu n'chimodzimodzi. Chithunzi cha munda wowonongeka chikakhala chokha, chimangosonyeza kuti kwinakwake, nthawi ina, munda wina unawonongeka. Chimakhala umboni wamphamvu chikakhala ndi chinzake cha munda womwewo usanawonongeke. Bungwe lofufuza la IFPRI linayesa njira imeneyi ndi alimi a tirigu m'zigawo za Punjab ndi Haryana ku India m'nyengo ya 2016 mpaka 2017: alimi ankajambula munda wawo mobwerezabwereza kuyambira podzala mpaka pokolola, ataima pamalo amodzi ndi kuloza mbali imodzi, kudzera m'pulogalamu ya pafoni, ndipo akatswiri ankayesa kuwonongeka poona mndandanda wonsewo. Wofuna kubwereka chithunzi cha mnzake pa dongosolo lotere ayenera kubwereka nyengo yonse, ndipo mtengo ndi kaphiri za kumbuyo ziyenera kugwirizana ndi zimene iye mwini anajambula tsiku lodzala, asanadziwe kuti kudzagwa tsoka.

Pulogalamu yotere imafuna kuti chithunzi chijambulidwe m'pulogalamu momwemo, siilola kusankha chithunzi chakale cha m'foni, ndipo nthawi yolandira chithunzi imalembedwa ku ofesi osati pa wotchi ya mlimi. Kumene kulibe pulogalamu, njira yapafupi ndi yoti ofesi itumize nambala yachidule yosiyana pa pempho lililonse, mlimi ailembe papepala ndi zilembo zikuluzikulu, pepalalo lionekere m'chithunzi pamodzi ndi munda. Chithunzi cha chaka chatha sichingakhale ndi nambala ya lero, ngakhale njirayi siiletsa munthu kukaima m'munda mwa mnzake. Zithunzi zikhale zitatu: chapatali choonetsa chinthu chosasuntha monga mtengo, mwala kapena nyumba, chapakati choonetsa mizere ingapo, ndi chapafupi choonetsa tsamba kapena phesi. Chapatalicho ndicho chimapulumutsa mlimi ku vuto lija la mitambo ndi madzi, chifukwa chimapatsa kompyuta ndi munthu chosiyanitsira.

Tibwerere kwa 587. Woimba foni wam'funsa kuti anajambula ndani, ndipo iye wayankha kuti anatumiziridwa ndi woyandikana naye munda chifukwa foni yake sijambula. Munda wake wolembetsedwa uli mamita 60 kuchokera pamalo a chithunzicho, kumunsi kwake. Zithunzi zaulere za setilaiti ya Sentinel-2, zimene kadontho kalikonse kamaimira mamita 10 ndipo zimabwera pafupifupi masiku asanu aliwonse, zingathandize kuona ngati madzi anafikadi kumeneko, malinga mitambo isaphimbe tsiku limenelo. Chithunzi chobwerekacho chichotsedwe pa pempho lake, ndipo chifukwa chake chilembedwe, kuti m'tsogolo dzina lake lisadzaoneke pa mndandanda wa achinyengo. Apatsidwe nambala yatsopano ndi masiku ochepa oti munda wakewo ujambulidwe, matope akadali pa mapesi.